Kachala ka 👍: chifukwa chake ena amakaona ngati mwano pamene wotumiza alibe nawo chifukwa

Lachiwiri lapitali mwana wa achemwali anga anafika kwathu ku Area 25 nkhope ili ndwii. Amagwira ntchito pa ofesi ina ku City Centre, ndipo masana a tsikulo anali atalandira uthenga woti agogo ake obereka bambo ake atisiya ku Dedza. Asanakhale n'komwe pansi anandipatsira foni. "Amalume, taonani zimene andiyankha abwana."

Uthenga wake unali wotere: "Mwaswera bwanji bwana. Pepani kukuvutitsani nthawi ino. Agogo anga amwalira masanawa ku Dedza, ndipo mwambo woika m'manda uliko Lachinayi. Ndimapempha ngati mungandilole kukhala kumudzi mawa ndi mkuja. Malipoti aja ndawasiyira anzanga. Zikomo." Patapita mphindi 40, pansi pa uthengawo panatulukira kachala kamodzi koloza m'mwamba, 👍, basi.

Mayi a kunyumba atasuzumira anati, "Nanga si akuloleza? Ukufunanso chiyani?" Mwanayo anayankha kuti, "Ngakhale pepani, azakhali? Komanso akuvomera masiku onse awiri, kapena akungonena kuti awona?" Onse awiri anali ndi mfundo. Mikangano yotere ikuchuluka m'magulupu a pabanja, a kutchalitchi ndi a kuntchito, ndiye tiyeni tikaunike bwino kachalaka.

Kachalaka kanachokera kuti

Emoji ndi tizithunzi timene timalembedwa ngati zilembo pa foni. Dzinali ndi la Chijapani: "e" ndi chithunzi, "moji" ndi chilembo. Pali bungwe lotchedwa Unicode limene limapereka nambala ku chilembo chilichonse kuti mafoni a makampani osiyanasiyana azimvana, ndipo kachala kathuka kanalowa m'kaundula wake mu 2010 pa nambala U+1F44D. Bungweli limapereka nambala ndi dzina lofotokoza chojambulidwacho, koma silinena kuti chithunzicho chikafika kwa munthu woferedwa chizitanthauza chiyani. Tanthauzo limasiyiridwa ife ochigwiritsa ntchito.

Zinthu ziwiri zinachititsa kuti kachalaka kakhale kosavuta kwambiri kutumiza. Choyamba, Facebook inaika batani la Like mu 2009, chizindikiro chake chili chala chachikulu chomwechi, moti anthu anazolowera kudina chala pa chithunzi cha ukwati, pa nthabwala, ngakhale pa nkhani imene sanaiwerenge mpaka kumapeto. Chachiwiri, mu Meyi 2022 WhatsApp inabweretsa njira yomata emoji pa uthenga wa mnzako osalemba kanthu, imene ambiri amaitcha riyakishoni. Umasindikiza uthengawo kwa kanthawi, pamatuluka tizithunzi, iwe n'kusankha. Poyamba tinalipo 6 tokha: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Kachala ndiko kali koyambirira kumanzere, pamene diso limayambira kuwerenga. Munthu amene ali pa mzere ku banki kapena ali pakati pa msonkhano amadina komweko.

Chala chimodzi, mawu angapo

Muzu wa vutoli ndi woti kachalaka kamanyamula mawu angapo amene pakamwa timawasiyanitsa bwinobwino. Nthawi zina kamati "ndaona", kutanthauza kuti uthenga wafika, za yankho tikambirana. Nthawi zina kamati "ndavomera, pitiriza". Penanso kamati "wachita bwino". Ndipo pali tanthauzo lina limene wotumiza salilingalira kawirikawiri koma wolandira amalimva msanga: "basi, tathana, usapitirize."

Tanthauzo lomalizali limabwera chifukwa cha mmene macheza amayendera. Munthu akakuyankha ndi mawu, ngakhale ochepa, amakusiyira pogwira. Akati "Chabwino, muyende bwino", iwe ukhoza kunena "Zikomo bwana". Akafunsa kuti "Mubwera liti?" nkhani ikupitirira. Koma kachala ungakayankhe kuti chiyani? Kali ngati munthu amene ukumufotokozera nkhani ataima pakhomo, iye n'kugwedeza mutu kamodzi, n'kukoka chitseko. Sanakutukwane, sanakukanize, koma watsala panja wekha.

Izi si zoipa nthawi zonse. Mnzako akalemba kuti "Ndakwera minibasi, tikumane pa depoti 2 koloko", kutseka nkhani n'kumene kukufunika, ndipo kachala kamagwira ntchitoyo bwino kuposa chiganizo. Kuzizira kumayamba pamene wolemba anali asanamalize, kapena pamene ankayembekezera zoposa chilolezo.

Kulemera kwa uthenga ndi kulemera kwa yankho

Tiyeni tiuphwanye uthenga wa mwana wa achemwali uja. Muli zinthu zinayi. Muli moni ndi kupepesa, ndiwo ulemu. Muli nkhani ya maliro. Muli pempho la masiku awiri. Muli chidziwitso choti ntchito wasiyira anzake. Chilichonse mwa izi chili ndi yankho lake: moni umabwezedwa, maliro amapepesedwa, pempho limavomeredwa kapena kukanidwa, chidziwitso chimalandiridwa.

Kachala kangayankhe bwino ziwiri zomalizazo. Ziwiri zoyambazo kazisiya zili lende, ndipo pa malirowo ndi pamene pamapweteka, chifukwa chimodzi mwa matanthauzo ake ndi "zabwino". Palibe amene angaganize mozama kuti abwanawo akukondwera ndi imfa, koma diso limaona mawu oti "amwalira" ndi chala cham'mwamba zitagundizana, mtima n'kudumpha ubongo usanafotokoze. Riyakishoni imamatidwa pa uthenga wonse. Ilibe njira yosonyezera kuti ikuyankha chiganizo chachinayi, osati chachitatu.

Palinso kuwerengera kumene tonse timachita osazindikira. Mwanayo anati uthengawo anaulemba, kufufuta, kulembanso katatu, akusankha pakati pa "ndimapempha" ndi "ndikupempha". Mwina zinamutengera mphindi 10. Kudina kachala kumatenga sekondi imodzi kapena ziwiri. Wolandira amaika ziwirizi pa sikelo, ndipo kupendekeka kwake amakumva ngati muyeso wa mmene winayo amamuwerengera. Kuchedwa kwa yankho kumawonjezera: kachala kobwera nthawi yomweyo kamamveka ngati "ndili otanganidwa koma ndakuona", pamene kobwera patapita mphindi 40, matiki abuluu atawonekera kalekale, kamamveka ngati "ndaganiza, ndipo izi n'zimene wayenera."

Koma taonaninso mbali inayo. Mwanayo atabwerako ku maliro anamva kuti tsiku lija abwanawo anali mu msonkhano, foni ili pansi pa tebulo. Anafuna kuti asamusiye m'malere, adziwe msanga kuti angathe kunyamuka. Kwa iwo kachala kanali chifundo chofulumira. Ndipo Lachisanu anaitanitsa pepala la chipepeso mu ofesi, iwo n'kukhala oyamba kulembapo dzina.

Chifukwa chake mawu a pa foni amamveka ozizira kuposa mmene anachokera

Tikamayankhulana maso ndi maso, mawu oti "chabwino" amabwera ndi katundu wambiri: kamvekedwe ka liwu, nkhope, kuchedwa kapena kufulumira kwake. "Chabwinotu" wa mayi wokondwa ndi "chabwino" wa mayi amene watopa nawe n'zosiyana ngati usana ndi usiku. Pa foni katundu yenseyo amatsala. Wotumiza amamumva m'mutu mwake pamene akudina, ndiye amaganiza kuti wapita limodzi ndi uthenga. Wolandira amangopeza fupa, n'kuliveka mnofu wochokera m'maganizo ake. Ngati ali ndi nkhawa, ali ndi chisoni, kapena amawaopa kale abwanawo, mnofu wake ukhala wotero.

Akatswiri anaziyesapo zoterezi. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Binghamton ku America, amene anasindikizidwa mu 2016, anaonetsa ophunzira mayankho aafupi a liwu limodzi, ena okhala ndi kadontho kotsekera chiganizo, ena opanda. Mayankho a pa foni okhala ndi kadontho anaonedwa ngati osachokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda kadontho. Mawu omwewo atalembedwa pamanja pa kapepala, kusiyanako sikunaoneke. Ngati kadontho kokha kangasinthe mmene munthu akukumvera, kuli bwanji chithunzi chimene chalowa m'malo mwa yankho lonse? Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Minnesota anapeza kuti anthu oyang'ana emoji imodzimodzi, yojambulidwa mofanana, nthawi zina sankagwirizana ngakhale pa funso loti ikusonyeza kukondwa kapena kuipidwa.

Pamene Chichewa chimafuna manja awiri

Pali china chimene chimatikhudza ife makamaka. Chichewa sichilola kuti uyankhe munthu osasonyeza kuti iye ndi ndani kwa iwe. Uyenera kusankha pakati pa "wamva" ndi "mwamva", pakati pa "pita" ndi "pitani". Ngakhale yankho lalifupi limanyamula ulemu: "ee bambo", "zikomo mayi", "wawa". Kachala kalibe iwe, kalibe inu. Kamene umatumizira mnzako wa pa bawo ndi komweko kamene kafike kwa apongozi.

Ambiri tinakula tikudziwa kuti wamkulu akakuitana suyankha ndi mutu. Ukagwedeza mutu ankakufunsa kuti, "Ulibe pakamwa?" Wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, kapena dzanja lina litagwira pamkono. Ndiye tangoganizani bambo wa zaka 65 ku Kawale amene wavutika ndi tizilembo ta pa foni kwa mphindi zingapo, kulembera mwana wake malangizo a za lendi ndi fizi ya mlongo wake, n'kulandira chala chimodzi cha dzanja limodzi. Kwa mwanayo ndi "ndamva, ndichita". Kwa bamboyo ndi mwana wogwedeza mutu atayang'ana kumbali. N'chifukwa chake ambiri kuno, akafuna kuyankha wamkulu ndi chithunzi, amathawira ku 🙏. Kaya anakajambulira pemphero kapena kuthokoza, ife timaonapo manja awiri, ndipo manja awiri timawadziwa.

Kachalaka kakamachokera kumwamba kupita pansi, mwano wake umakhala wa mtundu wina. Palibe amene anganene kuti bwana wachita chipongwe posagwada, koma wamng'onoyo amamva kutalikirana. Amaonanso kuti ufuluwo ndi wa mbali imodzi: abwana angamuyankhe ndi chala, koma iye sangayerekeze kuyankha choncho uthenga wa abwana. Pakati pa anthu ofanana, monga anzako a kusukulu kapena ogulitsa limodzi kaunjika pa msika wa Tsoka, nthawi zambiri palibe amene amakaganizira kawiri, pokhapokha ngati munakangana dzulo. Pakati pa mkangano kachala kamasanduka "zako izo". Mwamuna amene walandira ndime zitatu za madandaulo kuchokera kwa mkazi wake n'kuyankha 👍 asadzanene kuti sanachenjezedwe.

Nanga za misinkhu?

Mu Okutobala 2022 manyuzipepala ena a ku Britain ndi America analemba kwambiri kuti achinyamata amaona kachalaka ngati ukali wobisa. Nkhanizo zinachokera kwenikweni pa ndemanga za anthu pa intaneti, ndiye si zoti tingazitenge ngati lamulo la m'badwo wonse. Komabe muli kanthu koona. Amene anakulira pa WhatsApp ali ndi tizithunzi ndi masitika ambirimbiri oti asankhepo, ndipo pakati pawo yankho wamba limakhala ndi kuseka, mtima kapena moto. Pa anthu otero kusankha kachala kopanda nkhope kumaoneka ngati kwadala, ngati munthu amene masiku onse amakupatsa moni wa nthabwala lero wangoti "muli bwanji" n'kudutsa. Amene anayamba mafoni nthawi ya mameseji olipira umodzi umodzi anazolowera kufupikitsa, ndipo kwa iwo chala cham'mwamba ndi chija cha mphunzitsi wa mpira ataima m'mbali mwa bwalo, cholimbikitsa.

Ndiye kuno kwathu zinthu zimayenda mbali zonse ziwiri. Wamkulu amakhumudwa chifukwa mwana sanayankhe ndi pakamwa. Wachinyamata amakhumudwa chifukwa wamkulu wayankha mouma. Kachala n'komweko. Kumayiko ena nkhani yake ndi yokulirapo: ku Iran, mwachitsanzo, kuimika chala chachikulu kunali kutukwana kuyambira kale, ngakhale kuti tanthauzo la "zili bwino" lafikakonso.

Pamene kusamvana kumadya ndalama

Funso lachiwiri la mwana uja, loti "avomera kapena angoona?", lafikapo m'khoti. Mu Malichi 2021 wogula mbewu wa kampani ya South West Terminal ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, anatumizira mlimi wina chithunzi cha mgwirizano wogula mbewu yotchedwa fulakesi, n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo anayankha 👍. Nthawi yopereka mbewu itakwana mu Novembala, mitengo inali itakwera, ndipo mbewuyo sinaperekedwe. M'khoti mlimiyo anati kachalako kankangotanthauza kuti uthenga waulandira. Mu 2023 woweruza anagamula kuti kanali kuvomera mgwirizano, n'kulamula kuti alipire madola a ku Canada oposa 82,000.

Chimene chinathandiza kwambiri woweruzayo si dikishonale ya emoji yokha ayi, koma mbiri ya anthu awiriwo. M'mbuyomo wogulayo ankatumiza migwirizano mwa njira yomweyo, mlimiyo n'kuyankha ndi mawu aafupi ovomera, kenako n'kuperekadi mbewu. Kachala kanagwera pamalo pamene pankakhala "ee". Chigamulochi ndi cha ku Canada ndipo sichimanga makhoti athu, koma mkangano wake timaudziwa. Mayi wophika makeke ku Area 18 alemba kuti, "Keke ya Loweruka ikhala K45,000, theka mutumiziretu pa Airtel Money." Kasitomala ayankha 👍. Mayiyo agula mazira ndi batala. Loweruka kasitomala akuti, "Ine ndimangosonyeza kuti mtengo ndauona." M'magulupu a banki m'khonde zimachitikanso: mlembi alemba kuti chindapusa cha wochedwa chikwere, anthu 9 mwa 15 amatapo chala, ndipo pa msonkhano wotsatira atatu mwa iwo akukana kuti sanavote.

Mungadziwe bwanji ngati kachala kali ndi nkhani?

Njira ya woweruza uja imagwiranso ntchito pa macheza wamba: pitani m'mwamba mwa macheza anu muone mmene munthuyo amayankhira masiku onse. Tinachita zimenezi ndi foni ya mwana wa achemwali usiku womwe uja. Lipoti la mwezi watha, abwana anayankha 👍. Uthenga woti galimoto yafika ku Kanengo, 👍. Mafuno abwino a Khirisimasi, 👍. Munthuyo ndi wa chala basi. Chala cha munthu wotero sichinena kanthu za iwe. Chimene chimayenera kukudabwitsa ndi kusintha: mnzako amene amalemba ndime ndi tizithunzi toseka, lero wangoponya kachala kouma. Ngakhale pamenepo zifukwa zake zingakhale bandulo yotsala pang'ono kutha, batire, kapena kuti ali pa kabaza akugwira foni ndi dzanja limodzi.

Onaninso ngati ndi riyakishoni yomata pa uthenga kapena ndi kachala kotumizidwa pakokha ngati uthenga. Mu gulupu ya anthu 80 kumata chala ndi ulemu ndithu, chifukwa WhatsApp imadziwitsa mwini uthenga yekha, pamene anthu 80 olemba "zikomo" amachititsa mafoni a onse kulira ndipo chilengezo chenichenicho chimakwiririka. Pa Messenger kachala kamakhala pafupi ndi polembera uthenga, ndipo kamapita ukangokakhudza, moti kena kamene anthu amakwiya nako kanatumizidwa mwangozi.

Kwa otumiza, chimene chimachotsa kuzizira nthawi zambiri si kusiya kachalako koma kukaperekeza ndi mawu awiri kapena atatu osonyeza kuti mukuyankha mbali iti. "Pepani kwambiri, pitani 👍" imayankha maliro ndi pempho lomwe. "Ndaona, ndikuyankhani madzulo" imatseka khomo la mkangano wa keke uja. Ndipo kwa wolandira amene pali ndalama kapena masiku a tchuthi, kufunsanso si mwano.

Mwana uja anachita zomwezo asanagone. Analemba kuti, "Zikomo bwana. Ndiye ndibwere Lachisanu m'mawa?" Yankho linafika pasanathe mphindi imodzi, ndipo linali 👍.